Katundu wolipira pofika: chikole chikwane ulendo wopita ndi wobwerera

Ogulitsa anzanga amene mumatumiza katundu kuti wogula alipire akalandira, ndalama zimathera pa mayendedwe. Phukusi likabwerera, mwalipira ulendo kawiri osagulitsa kanthu.

Tiyerekeze kuti muli mumzinda wa Tete, mukugulitsa nsapato pa mametikali 1,200 kuphatikiza mayendedwe, wogula ali ku Ulongwe, ndipo kondakitala wa shapa akufuna 150. Nsapatozo zikakanidwa mwataya 300, mwina phindu lanu lonse. Choncho musanamange phukusi, pemphani chikole cha 300 pa M-Pesa kapena e-Mola, mumuuze kuti pofika adzalipira 900 yokha. Onani ndalamayo mu akaunti yanu, chifukwa uthenga wotumizidwa ndi wogula ukhoza kukhala wabodza. Wokana chikole musakangane naye, koma katundu asanyamuke.

Ambiri okana katundu si akuba ayi, amangolandira chimene sanayembekezere. Nambala ya nsapato imanama, makamaka za kaunjika. Muuzeni ayeze phazi ndi rula, inunso muyeze mkati mwa nsapato, musiye mpata wa sentimita imodzi. Chithunzi jambulani panja masana, pong'ambika paonekenso.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mutumize phukusi, muimbireni wogula, uthenga wokha sukwanira. Nyengo yolima imbani madzulo, m'mawa anthu amakhala kumunda. Gwirizanani siteji yokumanira, mufunse ngati 900 ija ili m'manja, ndipo mutenge nambala yachiwiri ya m'bale wake, poti netiweki kumidzi imasowa. Shapa ikanyamuka, mutumizireni nambala ya galimoto ndi ya kondakitala, chifukwa kondakitala sadikira munthu pasiteji.