Alovera kapena sansevieriya yafewa masamba chifukwa cha madzi: mudule pati, mubzalenso liti

Tsamba la alovera kapena la sansevieriya, duwa la masamba oima ngati malupanga amawanga ngati njoka lija, likafewa n'kumatuluka madzi mukalitsina, ndiye kuti lafa. Silidzalimbanso ngakhale mutaliika padzuwa mwezi wathunthu. Chomwe mukufuna kudziwa n'chakuti kuwolako kwafika pati, ndipo yankho lake lili pansi pa dothi.

Poyamba tsimikizani kuti vuto ndi madzi ochuluka. Tsamba la ludzu limachita makwinya ndi kupyapyala, koma limakhala louma. Tsamba lomwa madzi mopitirira limafewa kuyambira m'munsi, limasanduka lachikasu kapena labulauni ngati lophika, ndipo mukalikoka pang'ono limazuka lokha, nthawi zambiri ndi fungo loipa. Zomera ziwirizi zimasunga madzi m'masamba, choncho dothi likakhala lonyowa masiku ambiri mizu imasowa mpweya n'kufa, kenako nkhungu ndi mabakiteriya zimalowera pamizu yakufayo n'kukwera m'mwamba.

Zulani chomera chonse mumphika, mugwedeze dothi, mutsuke mizu kuti muione bwino. Mizu yamoyo ndi yolimba, yoyera, yachikasu kapena yaolenji. Yowola ndi yakuda, yoterera, ndipo mukaikoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi. Ku sansevieriya yang'anani tsinde lonenepa ngati chala loyenda pansi pa dothi, lomwe limalumikiza magulu a masamba. Ku alovera yang'anani tsinde lalifupi la pakati pomwe masamba onse akumana. Lifinyeni ndi zala. Likalimba, chomeracho chipulumuka.

Tiyerekeze kuti sansevieriya yanu ili ndi magulu 3 a masamba. Gulu limodzi lafewa lonse, lachiwiri lili ndi tsamba limodzi lofewa, lachitatu lili bwino. Pukutani mpeni wakuthwa ndi sipiriti. Dulani tsinde la pansi lija pakati pa gulu lowola ndi anzake, gulu lowolalo mulitaye. Tsopano yang'anani pamene mwadulapo. Pakhale poyera ndi polimba paliponse. Mukaona kadontho kabulauni pakati, dulaninso sentimita imodzi chakutsogolo, ndipo pitirizani mpaka kadonthoko kasowe, kenako muonjezere sentimita ina. Pukutani mpeni nthawi iliyonse mukadula, apo ayi mukunyamula matenda nokha kupita nawo pamalo abwino. Tsamba lofewa la gulu lachiwiri lichotseni lonse kuyambira pomwe lamerera, osasiya kachitsa. Mizu yakuda iduleni yonse, musaimvere chisoni. Zomerazi zimaphuka mizu ina ngakhale zitatsala zopanda muzu ndi umodzi womwe.

Ngati tsinde la pansi lawola lonse, apa m'pamene zomera ziwirizi zimasiyana. Sansevieriya imamera kuchokera kutsamba. Tengani mbali ya pamwamba yomwe idakali yolimba, kutali ndi pofewa ndi masentimita 3 kapena kuposa, muidule zidutswa za masentimita 8 mpaka 10. Lembani chizindikiro kumunsi kwa chidutswa chilichonse, chifukwa chobzalidwa mozondoka sichiphuka mizu. Dziwaninso kuti mtundu wa m'mbali mwachikasu ukamera kuchokera kutsamba, ana ake amatuluka obiriwira okhaokha. Chikasucho chimasungika pokhapokha mwagawa tsinde.

Alovera siitero. Tsamba lake ladzaza ndi madzi oterera aja, ndipo mukalibzala lokha pafupifupi nthawi zonse limangowola. Pamafunika mutu wonse wokhala ndi kachidutswa ka tsinde. Dulani tsinde pamwamba pa powola, muthothole masamba awiri kapena atatu a m'munsi kuti patsale tsinde loonekera la masentimita 2 mpaka 3, chifukwa mizu idzatulukira pamenepo. Ngati timasamba ta pakati penipeni tikuzuka tokha tofewa, mutuwo wapita. Pulumutsani ana omera m'mbali ngati alipo, otsalawo tayani.

Tsopano pomwe ambiri amaonongera ntchito yonse: musabzale tsiku lomwelo. Podulapo ndi bala lotseguka, ndipo mukalikwirira m'dothi lidakali lonyowa, kuwola kumayambiranso, nthawi ino mwachangu kuposa poyamba. Gonekani zodulazo papepala pamthunzi, pouma, popita mphepo. Zidutswa za masamba a sansevieriya zimafuna masiku 2 mpaka 3. Tsinde lake la pansi, masiku 3 mpaka 5. Tsinde lonenepa la alovera lingafune sabata yathunthu, ndipo nyengo ikakhala yachinyezi muonjezere masiku. Musamangowerenga masiku, gwirani ndi chala. Bala lokonzeka limakhala louma, lolimba, lokhala ndi kakhungu ngati nkhanambo, ndipo silimata chala. Mukaona kuti m'masiku amenewa podula paja payamba kuda kapena kununkha, ndiye kuti munadula pafupi. Dulaninso, muyambe kuwerenga pachiyambi. Musaope kuti chomera chifa ndi ludzu, chili ndi madzi okwanira milungu ingapo. Musachiyanike padzuwa lamphamvu pofuna kufulumiza, chimapsa. Ena amawaza makala osinja kapena ufa wa sulufule pabalapo. Sizoipa, koma sizilowa m'malo mwa kuumitsa. Mankhwala okwera mtengo othandiza kuphuka mizu amene ogulitsa ena amakakamiza nawo anthu, pa zomera izi n'kungotaya ndalama.

Dothi lakale litayeni. Sakanizani latsopano: gawo limodzi dothi la maluwa, gawo limodzi mchenga wokhakhala wosefa, gawo limodzi timiyala ting'onoting'ono kapena njerwa zophwanya. Mchenga wosalala ngati ufa ayi, umagwirana n'kutseka mpweya. Kuti muyese, nyowetsani pang'ono, mufumbate. Mukatambasula dzanja dothilo limwazike, lisatsale chibuma.

Mphika ukhale ndi chibowo pansi. Zomera zambiri zimayamba kuwola zidakali kwa wogulitsa: zina amaziika m'miphika yokongola yopanda chibowo, zina amamata timiyala pamwamba ndi guluu moti simungapise chala m'dothi, zina zili m'kamphika ka pulasitiki kobisika mumphika wina momwe madzi amadikha. Kuyala miyala pansi pa mphika wopanda chibowo sikuthandiza, madziwo alibebe kolowera. Mphika woumba wosapaka utoto ndiye wabwino chifukwa umaumitsa dothi msanga, ndipo kawirikawiri ndi wotchipa kuposa onyezimira aja. Usakule: masentimita 2 kapena 3 kuzungulira mizu n'kokwanira, popeza dothi lochuluka limasunga madzi omwe chomera chopanda mizu sichingamwe. Mukabwereza mphika wakale, utsukeni ndi sopo, muupukute ndi sipiriti, uume.

Bzalani m'dothi louma. Tsinde lokha ndi limene lilowe, masamba a alovera asakwiririke. Zidutswa za sansevieriya zilowe masentimita 2 mpaka 3. Chikamagwa, chigwirizeni ndi kamtengo kapena miyala. Ikani pamalo owala koma osawomba dzuwa la masana, ndipo musathirire kwa masiku 7 mpaka 10. Feteleza ayi.

Zikatero thirirani pang'ono, mutaye madzi otsalira m'mbale ya pansi, osathira pakati pa masamba. Musathirirenso mpaka kamtengo kopisa kufika pansi pa mphika katuluke kouma. Pakatha milungu 4 mpaka 8 kokani pang'ono, chikakana ndiye kuti mizu yagwira. Zidutswa za masamba zimachedwa, mphukira yoyamba ingatenge miyezi ingapo, ndipo chidutswa chikafewa m'munsi chizuleni msanga chisanapatsire zinzake.