Momwe mungasankhire mafuta a m'chiwaya ndi a pa saladi, ndi kudziwa nthawi yowataya

Kuno ku Angonia ndi ku Tsangano kachewere ndi wochuluka, choncho tchipisi timakazinga pakhomo ndi pamsika pomwe, koma ambiri timagula mafuta poyang'ana mtengo wokha, ndipo botolo lomwelo limapita m'chiwaya ndi pa saladi ya kabichi. Ntchito ziwirizi zimafuna mafuta osiyana, chifukwa a m'chiwaya ayenera kupirira moto kwa nthawi yaitali, pamene a pa saladi amadyedwa osawiritsa ndipo lilime limawamva monga alili.

Choyamba ndi kudziwa kutentha kumene mafuta amayambira kufuka utsi. Mafuta aliwonse ali ndi malire ake, ndipo akawapyola amayamba kuwonongeka n'kutulutsa utsi wobiriwira pang'ono, woyabwa m'maso ndi pakhosi. Tchipisi, mandasi ndi nsomba zimakazingika bwino pakati pa madigiri 170 ndi 180, motero mafuta oyenera ndi amene malire awo ali pamwamba ndithu pa mlingo umenewu. Mafuta oyengedwa kufakitale, kaya ndi a mpendadzuwa, a soya, a mtedza kapena a kanjedza, amayamba kufuka cha m'ma 220 mpaka 230, ndipo pabotolo lake mudzaona mawu a Chipwitikizi akuti refinado. Majarini ndi batala zimapserera msanga chifukwa muli madzi ndi zotsalira za mkaka. Nawo mafuta ofinyidwa pamakina a kumudzi amafuka asanafike pa kutentha kofunika, chifukwa tizidutswa ta mbewu totsalira m'menemo ndi timene timayamba kupsa.

Chachiwiri, musangoona malire a utsi okha, chifukwa mafuta awiri angathe kukhala ndi malire ofanana koma n'kusiyana pa kulimba kwake. Mafuta a kanjedza ndi a mtedza amapirira kutenthetsedwa mobwerezabwereza, pamene a soya ndi a mpendadzuwa wamba amagwirizana msanga ndi mpweya akatentha, n'kuyamba kuda ndi kunanda. Amene amayatsa chiwaya tsiku lonse m'mbali mwa msewu ku Ulongwe kapena ku Zobwe achita bwino kugula a kanjedza, kapena osakaniza amene kanjedza wachulukamo. Wokazinga pakhomo kamodzi pa sabata sangalakwe ndi a mpendadzuwa. Ndinenepo za chinthu chimene chimatayitsa anthu mafuta abwinobwino: m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kumapiri kuno mafuta a kanjedza amachita chifunga kapena kugwirana pansi pa botolo. Kumeneku si kuwonongeka, ndipo mukaika botololo m'madzi ofunda amayeranso.

Chachitatu ndi kayendetsedwe ka moto, ndipo apa tiyeni titenge chiwaya chimodzi cha malita 5. Ngati mulibe choyezera kutentha, ponyanimo kachidutswa kamodzi ka kachewere: kakamira n'kukhala phee ndiye kuti mafuta sanatenthe, kakayamba kuchita shwaa nthawi yomweyo n'kuzunguliridwa ndi tinthovu ting'onoting'ono ndiye kuti nthawi yakwana, koma mafutawo akamafuka muli musanaikemo kanthu, phulani nkhuni zina msanga. Kachewere mumuumitse ndi nsalu mukamutsuka, ndipo m'malita 5 amenewa musaikemo woposa kilogalamu imodzi nthawi imodzi, chifukwa mukadzaza chiwaya kutentha kumatsika, tchipisi timamwa mafuta n'kutuluka tolobodoka, ndipo ndalama ya mafutayo imapita m'mbale ya wogula. Mchere muthire tchipisi tili kale pambali, osati pamwamba pa chiwaya. Pakati pa mphika wina ndi unzake, wolani tinyenyeswa tonse ndi chipande chabowo, pakuti tikatsalira timapsa n'kudetsa mafuta onse. Ogula akasowa masana, chepetsani moto, chifukwa mafuta otentha opanda chakudya amawonongeka mwachangu ngakhale mwini wake akuona ngati sakuwagwiritsa ntchito. Mafuta akagwira moto, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo ndipo musathirepo madzi ngakhale pang'ono.

Chachinayi ndi funso limene aliyense amafunsa, lakuti mafuta omwewo angakazingire kangati. Palibe nambala imodzi yokwanira zonse, chifukwa zimadalira chimene mwakazinga. M'mayiko angapo a ku Ulaya lamulo limati mafuta atayidwe zinthu zowonongeka zikafika pafupifupi magawo 25 pa 100 alionse, koma zimenezo amayeza ndi chipangizo. Pakhomo, malangizo anga ndi akuti mafuta a tchipisi okha, osefedwa bwino, asapyole kanayi kapena kasanu, pamene okazingira nsomba kapena nkhuku yopaka ufa alekere kawiri kapena katatu, chifukwa ufa umasiya zinyenyeswa zosalala zimene sefa sagwira. Mafuta amene mwakazingira kapenta kapena pende wa ku Cahora Bassa muwasunge pawokha, apo ayi mandasi a mawa adzanunkha nsomba. Wamalonda amene chiwaya chake chimatentha kuyambira m'mawa mpaka madzulo asawerenge masiku, koma ayang'ane mafutawo madzulo alionse. Kuwonjezera mafuta atsopano pa akale kumathandiza akalewo akadali abwino, koma akada kale atsopanowo amangowonongekera limodzi.

Posunga, dikirani azizire, asefeni pa nsalu yoyera ndi youma, muwathire m'botolo louma lotsekeka bwino, ndipo mulembe papepala kuti mwakazingira kangati. Botololo likhale pamthunzi, kutali ndi mbaula. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, mafuta otere asakhalitse kupyola sabata imodzi kapena ziwiri. Pa chifukwa chomwechi, ndimakayikira mafuta oyezedwa m'timabotolo tamadzi timene timakhala padzuwa pabenchi tsiku lonse, chifukwa kuwala kumavunditsa mafuta ndiponso kumawononga vitamini A amene amathiridwamo kufakitale.

Zizindikiro za mafuta otha ntchito n'zosabisika. Mtundu umasanduka woderako ngati tiyi wopanda mkaka, thovu limadzaza pamwamba osatha ngakhale chakudya chatsala pang'ono kupsa, akazizira amatsika mwaulesi pa supuni, ndipo m'mbali mwa chiwaya mumachita utomoni womata. Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi utsi wobwera msanga pa moto womwe uja wa masiku onse, chifukwa malire a utsi amatsika nthawi iliyonse imene mafuta atenthetsedwa. Tchipisi ta m'mafuta otere timada kunja m'kati muli muwisi. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, atayeni m'dzenje la zinyalala ali m'botolo lotseka, osati m'ngalande, ndipo musawapititse kundiwo poganiza kuti mwapulumutsa ndalama.

Za saladi n'zachidule, chifukwa pano malire a utsi alibe ntchito ndipo chofunika ndi kukoma ndi kutsopano kwa mafutawo. Mafuta a olivi, amene m'masitolo amalembedwa kuti azeite, ndi abwino koma okwera mtengo, choncho kuwathira m'chiwaya n'kuwononga ndalama. A mpendadzuwa atsopano amakwanira, ndipo ofinyidwa kumudzi aja, amene tawakana m'chiwaya, pano ndi pamalo pake ngati ali osefedwa bwino ndi ofinyidwa posachedwa. A kanjedza amalemera m'kamwa pa ndiwo zozizira, ndipo okazingira kale asayandikire n'komwe. Musanathire, donthezani pang'ono pa supuni, nunkhizani ndi kulawa: fungo longa la penti kapena la mtedza wovunda, ndi kuwawa kotsalira pakhosi, zikutanthauza kuti mafutawo avunda, ngakhale tsiku lolembedwa pabotolo lisanakwane. Akakhala abwino, sakanizani masupuni atatu a mafuta ndi supuni imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga, onjezani kamchere, ndipo muthire pa kabichi, tomato ndi anyezi anthu atakhala kale pa chakudya, chifukwa mukathira msanga masamba amafota n'kutulutsa madzi.