Momwe mungasanjire maapendikisi ndi mndandanda wa mabuku kuti nambala iliyonse ipezeke komwe idachokera

Woyesa dizeteshoni akafuna kudziwa ngati kafukufuku adachitikadi, nthawi zambiri amangoloza nambala imodzi m'mutu wa zotsatira n'kufunsa kuti, "Iyi mwaitenga kuti?" Ntchito ya masamba akumapeto aja, maapendikisi ndi mndandanda wa mabuku, ndi kuyankha funso limeneli inu musanatsegule pakamwa.

Tiyerekeze kuti mwacheza ndi alimi 120 m'midzi inayi ya ku Dedza pa nkhani ya kasungidwe ka chimanga. M'mutu wachinayi, tebulo 4.3 ikunena kuti alimi 46 mwa 118 amasungira m'matumba osalowa mpweya pothawa anankafumbwe. Tiyeni tikonze njira yoti munthu achoke pa 46 ameneyo mpaka akagwire pepala lomwe mudalembapo muli pakhonde la mlimi.

Yambani ndi nambala ya pepala lililonse

Pepala lililonse la mafunso lipatseni nambala yake musanapite kumudzi, mwachitsanzo `DZ-03-047`, kutanthauza Dedza, mudzi wachitatu, mlimi wa nambala 47. Nambala imeneyi ilembedwe pamwamba pa pepala, ikhale m'danga loyamba la mzere wa mlimiyo mu Excel kapena SPSS, ndipo ngati mudajambula mawu ake, fayiloyo itchedwe chimodzimodzi. Mukamabwereza zomwe adanena m'lipoti, ikani nambalayi m'malo mwa dzina lake. Mapepalawo muwasanje m'katoni motsatira nambala, mudzi uliwonse m'envulopu yake.

Kaundula wosonyeza kuti `DZ-03-047` ndi bambo uje asungidwe payekha, pokhoma, ndipo asalowe m'buku. Mafomu achilolezo omwe alimi adasaina kapena kudinda chala nawonso asamangidwe m'dizeteshoni. Bukulo likakhala ku laibulale komwe aliyense angalitsegule, pomwe inu mudawalonjeza alimi aja, komanso komiti yomwe idavomereza kafukufukuyu, kuti maina sadzatuluka. Mu apendikisi mumaika fomu yosalembedwa.

Pepala la mafunso likhale lomwe lidapitadi kumudzi

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mudayeserera mafunso pa alimi ochepa, n'kuona kuti funso lina likusokoneza, mudalichotsa, ndipo manambala a mafunso otsatira adasendera. Pa tsiku lomanga buku, muli pa liwiro, mukutenga fayilo yakale yomwe a supavaiza adaiona poyamba. Mapeto ake tebulo 4.3 ikuti yachokera pa funso `B7`, koma woyesa akatsegula apendikisi akupeza `B7` akufunsa za kukula kwa munda. Kuti muzindikire vutoli, tengani pepala limodzi lodzazidwa m'katoni muja, muliyike pambali pa la mu apendikisi, n'kufananiza funso ndi funso.

Ikani zilankhulo zonse ziwiri, Chingerezi ndi Chichewa, manambala ake ofanana. Alimi adayankha funso la Chichewa, choncho owerenga ali ndi ufulu woona ngati lidafunsadi zomwe la Chingerezi likunena.

Deta yoyambirira musaikhudze

Mukamaliza kulowetsa mayankho, kapena kuwatsitsa ku KoboToolbox, pulogalamu yosonkhanitsira mayankho pa foni, sungani fayiloyo momwe ilili ndipo muzigwira ntchito pa kope yake. Maina a mafayilo azinena okha zomwe zili mkati:

```
dedza_yoyambirira.xlsx
dedza_yokonzedwa_v2.xlsx
zomwe_ndasintha.xlsx
```

Fayilo yachitatuyo ndi imene imapulumutsa. Chilichonse chomwe mwakonza chilembedwe pa mzere wake: nambala ya pepala, funso, zomwe zidalipo, zomwe mwaikapo, ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo, pa `DZ-01-012` padalowetsedwa matumba 250, koma pepala likusonyeza 25, ziro adangowonjezeka potaipa. Mndandanda umenewu ukhale apendikisi payokha.

Kenako pangani buku la makhodi, lomwe ndi tebulo chabe yofotokoza danga lililonse la mu deta. Pa chitsanzo chathu, danga la `B7_kusunga` likuchokera pa funso `B7`, ndipo 1 ndi nkhokwe, 2 ndi matumba wamba, 3 ndi matumba osalowa mpweya, 99 ndi wosayankha. Tsopano njira ija yaoneka. Pansi pa tebulo 4.3 mwalemba kuti yachokera pa funso `B7` la mu `Appendix C`, buku la makhodi likuti yankholo ndi 3, ndipo mukasefa 3 m'fayilo yokonzedwa mukupeza mizere 46, uliwonse ndi nambala ya pepala lake. Alimi awiri ali ndi 99, n'chifukwa chake mwagawa ndi 118 osati 120, n'kupeza 39 pa 100 aliwonse. Lembani zimenezo pansi pa tebulo. Mukapanda kutero woyesa aganiza kuti mapepala awiri adatayika, kapena kuti mudawabisa poti sadagwirizane nanu.

Deta yonseyo simuyenera kuisindikiza. Masamba makumi a manambala palibe amawawerenga, amangokudyerani ndalama kumalo osindikizira. Chiganizo chimodzi chonena komwe fayilo ikusungidwa komanso amene angapereke chilolezo choiona n'chokwanira.

Kusanja maapendikisiwo

Atsatane monga momwe mwawatchulira m'buku. Kalata ya komiti yovomereza ikatchulidwa koyamba, ndiye `Appendix A`. Fomu yachilolezo ikhala B, mafunso C, buku la makhodi D, zosintha zija E. Iliyonse iyambe pa tsamba latsopano, ikhale ndi mutu, ndipo ionekere pa tsamba la zamkatimu. Apendikisi yomwe simudaitchule paliponse m'buku ichotseni, kapena pezani pomwe imayenera kutchulidwa.

Mndandanda wa mabuku

Funsani ku dipatimenti ngati amafuna kalembedwe ka APA kapena ka Harvard potchula mabuku, n'kukakamira njira imodziyo. Buku lililonse lotchulidwa mkati lipezeke kumapeto, ndipo lililonse la kumapeto likhale lotchulidwa mkati. Fufuzani mbali zonse ziwiri: tengani maina a kumapeto limodzilimodzi n'kuwasaka ndi `Ctrl+F`, kenako werengani mitu yonse mukuchonga dzina ndi chaka chilichonse pa mndandanda wosindikiza. Chaka ndi chomwe chimakonda kusemphana. Kalembera wa anthu adachitika mu 2018, koma lipoti lake lalikulu lidatuluka mu 2019, ndipo chomwe chimalembedwa ndi chaka chotulukira:

```
National Statistical Office. (2019). 2018 Malawi population and housing census: Main report.
```

Ngati mukugwiritsa ntchito Zotero kapena Mendeley, mapulogalamu osanja mndandanda wa mabuku, chenjerani ndi maina a mabungwe. Pulogalamu ikaliona dzinalo ngati la munthu imalidula n'kutulutsa `Office, N. S.`, ndiye mulilowetse m'danga limodzi lathunthu. Mlembi mmodzi akakhala ndi mabuku awiri a chaka chimodzi, asiyanitseni ndi `2019a` ndi `2019b`, mkati ndi kumapeto komwe. Mawu omwe mwakopera ndendende akhale ndi nambala ya tsamba, ndipo nkhani ya m'jenale ikakhala ndi DOI, nambala yosasintha yoipezera, muike DOI imeneyo, chifukwa adiresi ya pa intaneti imatha kusintha.

Buku lomwe simudaliwerenge, mudangoliona likutchulidwa ndi wina, musaliyike pa mndandanda ngati kuti mudaligwira. Mu APA mumalitchula mkati ndi `as cited in`, ndipo kumapeto mumalemba lomwe mudawerengalo. Alimi omwe mudacheza nawo saikidwanso pa mndandandawu, poti iwo amapezeka kudzera m'manambala aja.

Musanapite kukamanga buku, perekani kope kwa mnzanu amene sadziwa kafukufuku wanu. Asankhe yekha nambala zitatu m'matebulo ndi maina atatu a alembi, azilondole mpaka kumapeto inu muli chete. Pomwe waima n'kukufunsani ndi pomwe pakufunika kukonza.