Kayankhidwe ka kalata yokufunsani za kuchedwa pantchito

Malangizo awa anandipatsa ndi a kampani ina ya kuno ku Blantyre kuti ndiwalembe m'Chinyanja, poti ena mwa antchito awo ndi ochokera ku Chipata ndi ku Lusaka. Zolemba dzina, nambala ya pantchito ndi tsiku sindichedwapo, mukuzidziwa kale.

Chimene chinandivuta ndi dzina la kalata imene mwalandirayo. Ambiri amaitchula kuti kalata ya chenjezo, koma sizili choncho. Chenjezo lolembedwa ndi chilango kale, pamene kalata iyi ikungoti: tiuzeni chifukwa chimene tisakupatsireni chilango. Ndiye kuti mlandu sunagamulidwe. Ku Malawi, gawo 57 la lamulo la ntchito la 2000 limaletsa bwana kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe lake asanamupatse mpata wodziteteza, ndipo lamulo lanu la ku Zambia la 2019 limanenanso chimodzimodzi. Yankho lanu ndi gawo la mpata umenewo, choncho musakhale chete.

Malangizowo akuti: "Wantchito ayankhe polemba, m'masiku amene atchulidwa m'kalatayo. Ayankhe mlandu uliwonse pawokha, motsatira manambala ake. Aphatikize umboni wa zimene wanena." Akuthera pomwepo. Chimene sakunena n'chakuti pa mlandu uliwonse pali mayankho atatu osiyana: kukana, kuvomera, ndi kuvomera koma n'kupereka zifukwa zochepetsera chilango. Anthu amasakaniza atatuwa, n'kulemba kuti "pepani pa zonse", osadziwa kuti avomera ngakhale tsiku limene sanachedwe.

Nachi chitsanzo. Tinene kuti munthu amakhala ku Machinjiri, amagwira ntchito ku Makata, ndipo amayenera kulowa 7:30 m'mawa.

"Bwana, ndalandira kalata yanu ya pa 24 Malichi ndipo ndikuyankha motere.

Mlandu woyamba, woti pa 4 Malichi ndinafika 8:10. Ndikuvomera. Ndinafika pa siteji mochedwa, n'kupeza mzere wa anthu odikira minibasi utatalika. Kulakwa kunali kwanga ndipo ndikupepesa.

Mlandu wachiwiri, woti pa 11 Malichi ndinafika 9:45. Ndikuvomera nthawiyo, koma mwana wanga anatentha thupi usiku ndipo ndinapita naye kuchipatala m'mamawa. Ndinatumiza uthenga kwa kapitawo wanga 6:40, iwo n'kuyankha kuti amva. Ndaphatikiza fotokope ya buku la kuchipatala la mwanayo ndi chithunzi cha uthengawo.

Mlandu wachitatu, woti pa 18 Malichi ndinafika 10:00. Umenewu ndikuukana. Tsiku limenelo akapitawo anandituma kukatenga katundu ku Limbe ndisanabwere ku ofesi, ndipo ndinafika kumeneko 7:25. Chikalata cholandirira katunduyo chili ndi siginecha yanga. Nthawi imene ili m'kaundula wa pageti ndi yobwerera kuchokera ku Limbe.

Mlandu wachinayi, woti ndanyozera chenjezo la pakamwa. N'zoona kuti akapitawo anandilankhula za kuchedwa pa 5 Malichi. Chichokereni tsikulo ndachedwa kamodzi, pa 11, chifukwa cha matenda ndafotokozawo.

Tsopano ndikumanyamuka kunyumba 5:45 m'malo mwa 6:30. Ndikupempha kuti mundipatse mpata wodzafotokoza pamaso panu musanagamule."

Taonani kuti pa mlandu woyamba sanadzikhululukire ndi minibasi. Ine ndinawerengapo mayankho ambiri otere, ndipo nkhani ya mayendedwe payokha siigwira mtima wa bwana, chifukwa anzanu ochokera dera lomwelo anafika nthawi yabwino tsiku lomwelo, ndipo kaundula akuonetsa. Kuvomera poyera pamene munalakwadi kumachititsa kuti akukhulupirireni pamene mukukana.

Pa mlandu wachitatu ndi pamene pagona nkhani. Mawu oti "kuchedwa kobwerezabwereza" amalemera chifukwa cha kuchuluka kwa masiku. Mukachotsapo tsiku limodzi ndi umboni, lina n'kulifotokoza bwino, chotsala ndi kuchedwa kamodzi. N'chifukwa chake musanalembe, pemphani kuona kaundula kapena zimene makina odindira chala analemba. Ngati kalatayo ingoti mumachedwa kawirikawiri osatchula masiku, lembani kupempha masiku ndi nthawi zake, chifukwa simungayankhe mlandu wopanda tsiku.

Musalembe kuti "ena nawonso amachedwa" n'kutchula mayina, ndiponso musawonjezere matenda amene kunalibe. Buku la kuchipatala lili ndi madeti, bodza likapezeka mlandu umasanduka wa chinyengo, umene ndi waukulu kuposa kuchedwa.

Popereka yankho, pitani ndi makope awiri. Wolandirayo asaine ndi kulemba tsiku pa kope lanu, mubwerere nalo kunyumba. Zikadzafika poti akuchotsani ntchito ndipo mukuona kuti sizinayende mwachilungamo, kuno ku Malawi muli ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo kope losainidwalo lidzaonetsa kuti munayankha m'nthawi yake.