Maminitsi a miting'i ya odwala: ndani achite, pofika liti

Lachinayi lililonse timakhala pansi kukambirana za odwala aku wodi kuchipatala chathu kuno ku Nkhotakota, madokotala, manesi, a fizio othandiza odwala kulimbitsa thupi, aku labu, a zakudya. Maminitsi ndimalemba ndine, masamba atatu, koma sabata yotsatira umapeza zinthu zili pompo, aliyense akuti ndimayesa achita anzanga.

Ndinayesa kutumiza maminitsi onse pa WhatsApp, palibe amawerenga. Kulemba mzere kunsi kwa mfundo zofunika, chimodzimodzi.

Chomwe chinathandiza ndi pepala limodzi la mizati isanu: nambala ya fayilo, ntchito, mwini wake, tsiku lomaliza, zatheka kapena ayi. Dzina la wodwala ayi, mapepala amayendayenda awa.

Penipeni pali pa mwini wake. Maminitsi ankati "agogo a shuga a bala kuphazi aonedwenso, manesi atsatire". Manesi ake ati, poti amasinthana mashifiti? Ntchitoyi ndinaigawa patatu: kuyeza shuga m'mawa uliwonse asanadye, a sisitala oyang'anira wodi, kuyambira mawa, ekisire ya phazi, a kiliniko amene anamuona, pofika pa 14, ndodo zoyendera, a fizio, pa 16. Mzere umodzi ntchito imodzi munthu mmodzi, dzina lake lenileni osati dipatimenti, ndipo "msanga" si deti. Ndimawerenga mokweza tisanabalalike kuti mwiniwake avomere yekha, ngati sanabwere ndimamuimbira tsiku lomwelo apo ayi mzerewo ndi wamasiye.

Miting'i yotsatira timayambira pepala lomweli, zosatheka zimalandira deti latsopano ndi chifukwa chake. Ndalama ndi ya fotokope basi.