Mwana akudzukadzuka usiku: momwe mungadziwire tulo take ndi nthawi yoyenera kumunyamula

Khanda la masabata ochepa limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma makolo ake ndi amene amayenda maso ali psuu. Tulo timeneti timabwera tidutswatidutswa, ndipo kawirikawiri si chifukwa chakuti mwana akudwala kapena mkaka wa mayi ndi wochepa. Tulo ta khanda n'tosiyana ndi ta munthu wamkulu, ndipo mukadziwa kusiyanako mudzaona kuti kudzuka kwina timakuyambitsa ndife akuluakulu, pomugoneka msanga kapena pomunyamula msanga.

Tulo timayenda m'mikombero. Munthu wamkulu akagona amayamba ndi tulo tapamwamba, n'kulowa m'tulo tofa nato, kenako n'kufika pa tulo tamaloto, ndipo mkombero wonsewu umatenga mphindi pafupifupi 90. Ukatha, munthu amatsitsimuka pang'ono, kutembenuka, kukoka bulangete, n'kupitiriza osadziwa n'komwe kuti anadzuka. Mkombero wa khanda ndi wamfupi, wa mphindi 50 mpaka 60. Pa maola asanu ndi atatu a usiku, wamkulu amadutsa potsitsimukapo kasanu, pomwe khanda limadutsapo kasanu ndi katatu kapena kuposa. Zili ngati minibasi yochoka ku Zomba kupita ku Limbe imene ikuima pa Thondwe, pa Namadzi ndi pa siteji iliyonse ya pakati: paliponse yaima, wina akhoza kutsika.

Kusiyana kwachiwiri ndiko kofunika kwambiri kwa mayi. Wamkulu amafika pa tulo tamaloto kumapeto kwa mkombero, ndipo timangotenga gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a tulo take tonse. Khanda la miyezi itatu yoyamba limayambira pa tulo topepuka tofanana ndi tamalototi, ndipo timatenga pafupifupi theka la tulo take. Ubongo wake umakhala uli pa ntchito yaikulu yakukula, ndipo kupepuka kwa tuloku kumamuthandiza kudzuka akamva njala, kuzizira kapena mpweya ukamuchepera. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi malangizo ofuna kuti khanda lizigona ngati chipika usiku wonse.

Choyamba, phunzirani kusiyanitsa tulo tiwiriti ndi maso anu. Chitani masana, pamene kukuwala ndipo simunatope. Mwana akagona, khalani pafupi muzimuyang'ana. Ali m'tulo topepuka, maso amayendayenda pansi pa zikope, nkhope imasinthasintha, amamwetulira, amakwinya tsinya, amayamwa milomo, zala zimanjenjemera, ndipo amabuula kapena kulira kamodzi n'kukhala chete. Kapumidwe kake sikakhala kofanana: amapuma mofulumira, n'kuima masekondi asanu kapena khumi, n'kuyambiranso. Nthawi zina amatsegula maso pang'ono koma ali m'tulo ndithu. Akalowa m'tulo tofa nato nkhope imaleka kusuntha, mpweya umayenda mofanana, zibakera zimamasuka. Mukanyamula dzanja lake pang'ono n'kulisiya, limangogwa lili lende. Ngati wakoka dzanjalo kapena wadzidzimuka, ndiye kuti akadali pamwamba.

Chachiwiri, musamugoneke atangotseka maso. Apa m'pamene amayi ambiri amadandaula kuti "mwanayu amagona pabere pokha, ndikangomuika pansi wayamba." Sikuti wazolowera manja. Mwamuika pansi akadali m'tulo topepuka, ndipo kuzizira kwa nsalu ndi kusintha kwa kakhalidwe ka thupi zamudzutsa. Kwa khanda losakwana miyezi itatu, dikirani mphindi 15 mpaka 20 chigonereni, yesani dzanja lija, ndipo mukamuika yambani ndi miyendo ndi matako, mutu pomaliza, dzanja lanu likhalebe pachifuwa pake kwa kanthawi. Zimodzimodzi ngati wagona kumbuyo pa chitenje: musathamangire kumasula mfundo. Koma chenjerani podikirapo. Musakhale pa sofa kapena pampando muli ndi tulo, chifukwa kugona ndi khanda pa sofa n'koopsa kuposa kugona nalo pabedi. Ngati mukuona kuti tulo tikukugwirani, mugonekeni, ngakhale adzuke.

Chachitatu, akabuula usiku, dikirani pang'ono musanamunyamule. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Sindikunena kuti mumusiye alire ayi. Ndikunena kuti muone kaye ngati wadzukadi. Akakhala kuti akungodutsa pakati pa mikombero, maso amakhala otseka kapena otsegula pang'ono, phokoso lake limabwera n'kuleka, ndipo mukaika dzanja pachifuwa kapena kumusisita amabwerera m'tulo. Wanjala amaoneka mosiyana: amatembenuzira mutu uku ndi uku kufunafuna bere, amatsegula pakamwa, amaika zala m'kamwa, ndipo kusuntha kwake kumakulirakulira m'malo mochepa. Ameneyu muyamwitseni asanayambe kulira kwenikweni, popeza khanda lolira kwambiri limavuta kugwira bere ndipo limameza mpweya.

Tiyerekeze ndi mwana wa masabata asanu ndi limodzi wa ku Chinamwali. Wayamba kuyamwa 8 koloko usiku, ndipo pofika 8:15 wagona pabere. Mayi akamuika pansi 8:20, amadzuka, ntchito n'kuyambiranso. Akadikira mpaka 8:35, dzanja lili lende, amagona bwinobwino. Cha m'ma 9:10 mkombero woyamba watha, mwana akubuula ndi kutambasula miyendo. Mayi akayatsa tochi ya foni kumaso kwake, kumunyamula ndi kumusintha thewera louma kale, ndiye kuti amudzutsa yekha. Akangoika dzanja n'kudikira, mwana amapitiriza. Cha m'ma 10 koloko zimachitikanso chimodzimodzi. Koma pofika 11 koloko papita maola atatu chiyamwireni, ndipo ulendo uno akufunafuna bere: iyi ndi njala yeniyeni. Akayamwa amagona mikombero iwiri kapena itatu, n'kudzukanso cha m'ma 1:30, kenako cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Usiku umenewu mwana watsitsimuka mwina kasanu ndi kanayi, koma kuyamwa kofunikira kunali katatu. Mawa nthawizi zidzasuntha, ndipo masiku ena, pamene akukula mofulumira, adzafuna bere pafupifupi ola lililonse madzulo.

Kuyamwa usikuku sikofunika kukuthetsa. Mimba ya khanda ndi yaing'ono, mkaka wa m'mawere umagayika msanga, ndipo m'masabata oyamba limayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24. Homoni imene imapangitsa mkaka imachuluka usiku, choncho kuyamwitsa usiku kumathandiza kuti bere lisaume. Mayi amene akudalira kuyamwitsa mwakathithi ngati njira yolerera adziwe kuti mwana akamatha maola oposa asanu ndi limodzi usiku osayamwa, njirayo siidalirikanso. Ndipo lamulo lodikira musanamunyamule lija silikhudza mwana wobadwa masiku asanakwane, wobadwa ndi sikelo yochepa, kapena amene sanabwerere pa kulemera kumene anabadwa nako, zomwe zimachitika pofika masiku 10 mpaka 14. Ameneyu mumachita kumudzutsa kuti ayamwe pakapita maola awiri kapena atatu, monga anakuuzirani anamwino.

Agogo akamati "mupatseni phala lamadzimadzi kuti agone," amanena chifukwa chokumverani chisoni, koma phala silitalikitsa mkombero wa tulo. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi limangomuchepetsera kuyamwa ndi kumuika pa chiopsezo chotsegula m'mimba. Mankhwala ogonetsa, kaya ndi piritoni kaya azitsamba, musayese n'komwe: amafooketsa kudzuka kumene kumamuteteza. Ngati mukukayika za mkaka, werengani matewera. Onyowa asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku, ndi mzere wokwera m'buku la kusikelo, ndiye kuti akukhuta.

Chachinayi, muthandizeni kusiyanitsa usana ndi usiku. Khanda limabadwa lopanda wotchi ya m'thupi yokhazikika, ndipo imayamba kuoneka pakati pa masabata 6 ndi 12, pamene thupi lake liyamba kupanga melatonini, homoni yobweretsa tulo kukada. Masana akhale powala, pakhonde kapena kumbuyo kwanu, phokoso la pakhomo lipitirire. Usiku yamwitsani mumdima kapena ndi kuwala kochepa, osacheza naye, ndipo thewera musinthe pokhapokha wachita chimbudzi kapena lanyowa kwambiri.

Kenako chotsani zimene zimamudzutsa pa nthawi yotsitsimuka ija. Kuno kwathu ku Zomba zimadalira komwe mukukhala ndi mwezi wake. M'munsi mwa phiri, mu Juni ndi Julaye, vuto ndi kuzizira. Ku chigwa cha Chilwa, cha ku Jali ndi ku Kachulu, mu Okutobala vuto ndi kutentha ndi udzudzu. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi lake kuti mudziwe, osati manja, amene amazizira nthawi zambiri. Akakhala ndi thukuta, chotsani chovala chimodzi, ndipo chipewa m'nyumba n'chosafunika kwa mwana wobadwa wokhwima amene wapitirira masiku oyamba. Agone chagada nthawi zonse, pamalo olimba, popanda pilo, bulangete lisafike kumaso, m'kati mwa neti yopindira bwino pansi pa matiresi kapena mphasa. Mwana wogona chafufumimba amagonadi kwambiri, koma ndi kagonedwe kamene kamawonjezera imfa zadzidzidzi za makanda m'tulo. Munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya asagone pafupi ndi khanda, ndipo mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji.

Pa miyezi itatu kapena inayi mudzadabwa: mwana amene anayamba kugona bwino akudzukanso pafupipafupi. Apa tulo take tayamba kutenga dongosolo la munthu wamkulu, ndipo pakutha pa mkombero amadzuka kwathunthu n'kuyang'ana ngati zinthu zili momwe anazisiyira. Ngati anagona ndi bere m'kamwa, amalifunanso. Nthawi imeneyi kudikira mphindi 20 kuja sikufunikanso kwenikweni, ndipo mukhoza kuyamba kumugoneka akusinza koma asanagone, kamodzi pa tsiku, kuti azolowere kugwira tulo pamalo pomwe adzadzukire. Ana ena amazolowera msanga, ena amadzukabe kamodzi kapena kawiri mpaka chaka chitatha, ali bwinobwino.

Kudzuka kwa matenda kumadziwika ndi zina zimene zimabwera nako. Thamangirani kuchipatala, kaya ku Matawale, ku Zomba Central kapena chimene chili pafupi nanu, ngakhale pakati pa usiku, ngati thupi la khanda latentha kapena lazizira kwambiri, akukana bere, akulira mosatonthozeka, wakomoka, kapena m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati popuma. Werengani mpweya kwa mphindi yathunthu ali phee: 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi iwiri, ndi 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi kupuma kofulumira. Kuleka kupuma kwa masekondi 20, kapena milomo kusintha mtundu, nakonso n'kwa kuchipatala. Khanda limene mwadzidzidzi layamba kugona mopitirira, lovuta kudzutsa ndi loyamwa mofooka, lipite nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.