Momwe mungapezere aigenivalyu yomwe ili pafupi ndi nambala yomwe mwasankha nokha

Njira ya pawa ija ambiri timaidziwa, umangochulukitsa matirikisi ndi vekitala mobwerezabwereza mpaka aigenivalyu yaikulu kwambiri itulukire. Nanga ukamafuna yaing'ono, kapena yapakati yomwe ili pafupi ndi nambala inayake? Apa ndiye pamalowera invesi itereshoni yokhala ndi shifiti, njira yomwe Helmut Wielandt anaifotokoza mu 1944.

Nzeru yake ndi iyi. Mwasankha nambala σ, shifiti yanuyo. Ngati A ili ndi aigenivalyu λ, ndiye kuti invesi ya A − σI ili ndi 1/(λ − σ), ndipo aigenivekitala sasintha. Ndiye λ yomwe ili pafupi kwambiri ndi σ imakhala ndi λ − σ yochepetsetsa, mukaitembenuza imasanduka chimphona, njira ya pawa ija nkuigwira.

Tiyeni tiyese ndi manja pa matirikisi ya mizere (2, 1, 0), (1, 3, 1), (0, 1, 4). Ma aigenivalyu ake ndi 3 − √3, 3 ndi 3 + √3, kapena kuti 1.268, 3 ndi 4.732, koma tiyerekeze ngati sitikuwadziwa, tikufuna yomwe ili pafupi ndi 1.

Choyamba chotsani 1 pa dayagonale pokhapo, mizere ikhala (1, 1, 0), (1, 2, 1), (0, 1, 3). Yambani ndi x = (1, 0, 0). Apa ndikupempheni, musawerengere invesi ayi ngakhale dzina la njirayi likutero, ingosovani (A − I)y = x basi. Mupeza y = (2.5, −1.5, 0.5). Gawani zonse ndi 2.5 kuti manambala asakule mopyola muyeso, x yatsopano ndi (1, −0.6, 0.2). 2.5 yo ikuyimira 1/(λ − σ), ndiye λ ndi pafupifupi 1 + 1/2.5 = 1.4.

Sovaninso ndi x yatsopanoyo, y ituluka (3.5, −2.5, 0.9) ndipo λ yafika 1.286. Kachitatu y ndi (3.7, −2.7, 0.986), λ yafika 1.270. Taonani mtunda wotsala kuti tifike pa 1.268, unali 0.132, kenako 0.018, kenako 0.002, ulendo uliwonse ukuchepa pafupifupi ka 7.5, ndipo 7.5 yo sinachokere kumwamba, ndi mtunda wa σ kukafika pa aigenivalyu yachiwiri kuyandikira, 2, kugawa ndi mtunda wa yoyamba, 0.268. Liwiro lonse la njirayi lagona pa mitunda iwiriyi.

Pa kompyuta chinthu chopulumutsa nthawi nchakuti A − σI sikusintha, ndiye muiphwanye kamodzi kokha ndi LU, ntchito yolemera ya n³ ichitike kamodzi, maulendo otsatirawo akhale a n² chabe.

```python
import numpy as np
from scipy.linalg import lu_factor, lu_solve
A = np.array([[2.,1,0],[1,3,1],[0,1,4]])
s = 1.0
lu = lu_factor(A - s*np.eye(3))
x = np.random.rand(3)
for k in range(100):
    y = lu_solve(lu, x)
    x = y/np.linalg.norm(y)
    lam = x @ A @ x
    if np.linalg.norm(A@x - lam*x) < 1e-10:
        break
print(lam, k)
```

Sinthani `s` ikhale 2.8 mupeza 3, yapakati ija yomwe njira ya pawa wamba singaifikire. Onaninso kuti poimitsa ndikuyang'ana Ax − λx, osati kungoona kuti λ yasiya kusuntha, chifukwa ikamayenda pang'onopang'ono imaoneka ngati yafika chonsecho isanafike.

Pomwe zimavuta kwambiri ndi σ ikagwera pakatikati pa ma aigenivalyu awiri. Ikani 2.134, pakati pa 1.268 ndi 3, mitunda yonse ndi 0.866, vekitala izingodumphadumpha ndipo maulendo 100 atha osafika kulikonse. Mukaona `k` yafika 99 musawonjezere maulendo, sunthani σ mbali imodzi.

Vekitala yoyambira nayonso imapusitsa. Aigenivekitala ya 3 ndi (1, 1, −1), ndiye mukayamba ndi (1, 0, 1) mulibemo gawo lake ngakhale pang'ono, powerenga ndi manja mosalakwitsa pa σ = 2.8 mukathera pa 1.268, yankho looneka bwinobwino koma la funso lina. Nchifukwa chake mu kodimo ndayamba ndi manambala achisawawa.

Ambiri amachita mantha σ ikayandikira kwambiri λ poti matirikisi yatsala pang'ono kukhala yopanda invesi. Ine ndimati musaope, y imakula zedi koma zolakwika zake zambiri zimaloza komwe kuli aigenivekitala yomwe tikufunayo, mukagawa ndi kutalika kwake zimakhala bwino. Vuto ndi σ ikagunda ndendende ngati 3, apo LU ikumana ndi ziro, ndiye ingoikani 3.0001.